Tsamba 32 Likhale Tsamba 32 kwa Aliyense

"Tiyeni titsegule tsamba 32," anatero a tcheyamani. Mamembala asanu ndi awiri a bodi ya bungwe lina losunga ndi kubwereketsa ndalama anayamba kuphethira mapepala. Wina anapeza tebulo la ndalama zogulira mafuta, pomwe a tcheyamani ankanena za mamembala olephera kubweza ngongole. Mayi wina wachikulire anavula mandala, nkundiyang'ana ine mlembi. Manyazi anandigwira, chifukwa mpukutu wa mapepalawo ndinasonkhanitsa ndine.

Mpukutu wa bodi ndi zikalata zonse zomwe mamembala amawerenga asanakumane, zomangidwa pamodzi ngati buku limodzi. Msana wake ndi ajenda. Mlembi amayamba wagwirizana ndi a tcheyamani za mfundo zokambirana ndi ndondomeko yake, kenako chikalata chilichonse chimatenga nambala ya mfundo yake. Ngati lipoti la zachuma ndi mfundo 6, pamwamba pake palembedwe 6, ndipo zowonjezera zake zikhale 6a ndi 6b. Musasanje potengera amene wabweretsa msanga.

Wathu uja unayenera kuyenda motere. Chikuto chinali tsamba 1, zamkatimu tsamba 2, ajenda tsamba 3. Mfundo ziwiri zoyamba, pemphero ndi opepesa, zinalibe mapepala. Maminitsi a msonkhano wapita, mfundo 3, anatenga masamba 4 mpaka 9. Zotsalira za m'maminitsiwo masamba 10 ndi 11. Lipoti la manejala 12 mpaka 19. Zachuma 20 mpaka 31. Ndipo nkhani ya ngongole, mfundo 7, inayambira pa tsamba 32.

Tsamba la zamkatimu ndi limene limanyamula zonsezi. Mzere uliwonse umatchula nambala ya mfundo, mutu wa chikalata, amene adzachifotokoze, ndi tsamba loyambira. Ine ndimawonjezera danga lina lomwe ndimalikonda kwambiri: chomwe bodi ikupemphedwa kuchita, kaya kugamula, kukambirana, kapena kungodziwa. Membala wotanganidwa akaona kuti mfundo 7 ikufuna chigamulo, amayambira pomwepo usiku wake. Mfundo zopanda chikalata nazo zilembedwe, nkuikapo mawu akuti "zapakamwa", kuti munthu asaganize kuti pepala lathothoka.

Nanga chinalakwika nchiyani? Msungichuma anabwera mochedwa ndi lipoti lokonzedwanso, lotalikirapo ndi masamba atatu. Ndinalilowetsa, ndinasintha manambala a masamba, koma zamkatimu ndinaziiwala. Zachuma zinathera pa 34, ngongole zinasunthira pa 35, ndipo a tcheyamani, amene anakonzekera ndi zamkatimu zakale, ankaitanabe 32. Kuchokera tsiku limenelo ndimagwira ntchitoyi mwa ndondomeko imodzi yokha: kusonkhanitsa zikalata zonse, kuzisanja, kuika manambala kuyambira chikuto mpaka tsamba lomaliza, ndipo pomalizira penipeni kulemba zamkatimu. Tsambalo limakhala kutsogolo koma limalembedwa kumapeto.

Manambalawo ali ndi misampha iwiri. Woyamba ngwakuti chikalata chilichonse chimabwera ndi manambala akeake, kotero mumpukutu mumapezeka masamba ambiri olembedwa 2. Uzani olemba kuti asaike manambala, kapena ikani nambala ya mpukutu pamalo amodzi osasintha, monga pakona yakumanja pamwamba, yakuda bwino. Wachiwiri umagwira amene amawerengera pafoni kapena pakompyuta. Mukaphatikiza mafayilo kukhala PDF imodzi, pulogalamu imawerenga chikuto ngati tsamba loyamba. Mukasiya chikuto osachiwerengera, wapepala ndi wapafoni adzasiyana ndi tsamba limodzi msonkhano wonse. Nchifukwa chake chikuto chathu ndi tsamba 1, ngakhale nambalayo isaoneke. Mu Adobe Acrobat, Combine Files ndi yophatikizira, ndipo Header & Footer ndi yodindira manambala pa mpukutu wonse nthawi imodzi.

Mabungwe ambiri amatumiza mpukutu kutatsala sabata imodzi, choncho olemba malipoti apatsidwe tsiku lotsekera masiku angapo izi zisanachitike. Chikalata chikafika mpukutu utapita kale, musachilowetse pakati. Chitumizeni pachokha, chilembedwe kuti ndi chowonjezera cha mfundo 6, chikhale ndi manambala akeake, ndipo masamba a anthu asagwedezeke.

Ndisanatumize, ndimapereka mpukutu kwa mnzanga wa muofesi amene sanaukhudzeko. Ndimatchula mfundo iliyonse, iye nkuyang'ana zamkatimu, kutsegula tsambalo ndi kundiwerengera mutu womwe wapeza. Pamenepo timaonanso matebulo ochokera mu Excel, chifukwa ndi amene amakonda kudukira m'mphepete, danga la chiwerengero chonse nkugwera pa tsamba lakelake.