Zimene unalemba ndizo adzakufunse

Amene amafunsira thandizo la maphunziro la Chevening, lomwe boma la Britain lakhala likupereka kuyambira 1983, amatumiza makalata awo chaka chikamapita kumapeto. Amene asankhidwa kuti apitirire amaitanidwa kukayankha mafunso a pakamwa chaka chinacho chitayamba, ndipo kwa a kuno kwathu ntchito yofunsayo imayendetsedwa ndi ofesi ya kazembe wa dziko la Britain ku Lilongwe. Pakati apa pamadutsa miyezi ingapo. M'miyezi imeneyi munthu amaiwala zimene analemba usiku uja akuthamangitsana ndi tsiku lotsekera. Koma omufunsa saiwala, chifukwa pepala lake limakhala patebulo pawo, mwina atalembamo kale mizere ndi cholembera.

Ofunsira thandizoli amalemba nkhani zinayi: ya utsogoleri wawo, ya mmene amamangira ubale ndi anthu pa ntchito, ya maphunziro amene asankha, ndi ya zimene adzachite akadzabwerako. Ambiri akalandira uthenga woti abwere ku intavyu amathamangira kufunsa anzawo amene anapitako kuti, "Kodi anakufunsani zotani?" Palibe cholakwika, koma mafunso amene anafunsidwa mnzako anachokera m'pepala la mnzakoyo. Ako ali m'pepala lako, ndipo ungathe kuwapeza wekha tsikulo lisanafike.

Njira yake ndi yosindikiza nkhani zonse zinayi, kutenga cholembera, ndi kuwerenga ngati kuti walemba ndi munthu amene sumukhulupirira kwenikweni. Paliponse pamene pali nambala, dzina la chinthu, kapena mawu onena kuti iwe unachita chakutichakuti, ulembe mzere kunsi kwake. Mzere uliwonse ndi funso limene likukudikira.

Tiyerekeze mlangizi wa zaulimi amene analemba kuti: "Ndinatsogolera ntchito imene inakweza zokolola za chimanga za alimi 60 ndi 40 peresenti." Chiganizocho n'chokoma, ndipo mwina n'chimene chinamuthandiza kufika pa intavyu. Koma muli zinthu zitatu zoti aikire kumbuyo, ndipo chilichonse chili ndi msampha wake.

Tiyambe ndi 40 peresentiyo. Wofunsa adzangoti, "Kuchoka pati kufika pati?" Mlangizi ayenera kukhala ndi yankho la matumba: kuti pa ekala imodzi alimi ankapeza matumba 10 olemera makilogalamu 50, ndipo chaka chotsatira anapeza 14. Akanena choncho nambala ija yaima, chifukwa matumba 4 owonjezera pa 10 ndi 40 peresenti ndithu. Funso lachiwiri limabwera pomwepo: anayeza ndani? Apa ndi pamene mlangizi, akabwerera ku kabuku kake, angapeze kuti sanayeze minda yonse 60. Anayeza minda 12 imene ankayendera kawirikawiri, enawo anangomuuza pakamwa. Ndipo minda imene mlangizi amakonda kuyendera nthawi zambiri imakhala ya alimi akhama kale, ya pafupi ndi msewu. Funso lachitatu ndilo loopsa: nanga mvula? Ngati chaka choyambacho kunali ng'amba, kapena ngati chaka chachiwiricho alimiwo anapeza feteleza wotsika mtengo, zokolola zikanakwera ngakhale mlangiziyo akanangokhala mu ofesi. Munthu wodziwa zaulimi amene ali pagulu la ofunsa sangalephere kuganiza zimenezi.

Sikuti mlangizi wagwa. Chofunika n'chakuti aziwone yekha zimenezi ali kunyumba, n'kukonza yankho loona. Atha kunena kuti nambala ija inachokera m'minda 12 imene anayeza yekha, kuti mvula inathandizadi, koma kuti minda yoyandikana nayo, imene sinatsatire kabzalidwe katsopano, inakwera pang'ono chabe, ngati zinalidi choncho. Ngati alibe umboni umenewo, anene kuti sangathe kulekanitsa gawo la mvula ndi gawo la ntchito yake, kenako afotokoze zimene akudziwa motsimikiza: alimi angati anasintha kabzalidwe, ndipo angati anapitiriza chaka chotsatira iye osawakakamiza. Ine ndimaona kuti yankho lotere limamukweza munthu kuposa nambala yosalalayo, chifukwa likusonyeza kuti amadziwa pamene umboni wake ukuthera. Ndipo digiri imene akupemphayo ntchito yake yaikulu ndi imeneyi.

Kenako pali mawu akuti "ndinatsogolera". Pa ntchito zathu zambiri zinthu timachita pagulu, ndipo mwaulemu timakonda kunena kuti "tinachita". Polemba, munthu amasintha n'kuika "ndina-", koma poyankha pakamwa amabwerera ku "tina-". Ofunsa akamva zimenezi amafunsa kuti, "Inuyo panokha munachitapo chiyani?" Kukonzekera kwake ndi kulemba m'mphepete mwa pepala zinthu ziwiri kapena zitatu zimene zikanapanda kuchitika iwe ukanakhala kulibe. Kwa mlangizi wathu, mwina ndi tsiku limene a nyakwawa anakana kupereka munda wachitsanzo, iye n'kupita kukakambirana nawo mpaka anavomera. Akumbuke chimene a nyakwawawo ankaopa, chimene iye ananena, ndi chimene analolera kusiya kuti agwirizane. Ngati anali wachiwiri chabe kwa bwana wake, anene choncho asanafunsidwe. Paja pamakhalanso makalata a anthu omuikira umboni, ndipo zimene bwanayo analemba zikasemphana ndi zimene iye akunena, chikayiko chimagwera nkhani zonse zinayi.

Mayina amene munthu anangotchula podutsa ndiwo amagwetsa mosavuta. Ambiri polemba za tsogolo lawo amatchula masomphenya a Malawi 2063, chifukwa amamveka bwino. Ukawatchula, uyembekezere kufunsidwa kuti ntchito yako ikugwera pati. Masomphenyawa anakhazikitsidwa mu 2021 ndipo ali ndi nsanamira zitatu: ulimi wopindulitsa komanso wamalonda, mafakitale, ndi kukula kwa mizinda. Mlangizi wa zaulimi wosadziwa kuti nsanamira yoyamba ndi yake amaoneka kuti anangokopera dzinalo. N'chimodzimodzi ndi maphunziro atatu amene wofunsira amasankha. Ngati unalemba kuti yunivesite inayake ili ndi phunziro limene likugwirizana ndi ntchito yako, kaonenso ngati likadalipo chaka chino, chifukwa mayunivesite amasintha ndandanda ya maphunziro awo.

Palinso zimene zasintha m'moyo wako chilembereni. Mwina unasiya ntchito ija, kapena ndalama za pulojekiti zinatha. Pepala likadali kunena za mwezi umene unalemba. Chevening imafuna kuti munthu akamaliza maphunziro abwerere kwawo kwa zaka zosachepera ziwiri, choncho funso la kumene udzabwerere silisowa, ndipo yankho lake liyenera kugwirizana ndi mmene zinthu zilili lero.

Ukamaliza kulemba mizere, upatse mnzako pepalalo, makamaka wosadziwa ntchito yako, kuti akufunse mokweza m'Chingerezi, chifukwa intavyuyo imachitika m'Chingerezi. Umuuze kuti pa yankho lililonse afunsenso kawiri kuti "munadziwa bwanji?" kapena "kenako chinachitika n'chiyani?" Usaloweze mayankho ngati ndakatulo. Woloweza amayankha bwino funso loyamba, koma lachiwiri likabwera mwa njira ina amangobwereza chiganizo cha m'pepala chija. Pamene wayamba kubwereza mawu ako omwe, mnzakoyo aike chizindikiro, ndipo madzulo ake ubwerere ku mabuku a ku ntchito, kapena uyimbire foni amene munagwira nawo ntchitoyo, kuti upeze zimene zinachitikadi.