Mlandu ngomveka, koma khoti lakana kuumva

Tiyerekeze za mlonda wa ku Nchenachena, m'chigwa cha Henga m'boma la Rumphi, amene walondera nyumba yosungiramo khofi kwa zaka 7 pa malipiro a K100,000 pamwezi. Tsiku lina m'mawa akutsikira kunyumba, kapitawo akumuuza kuti asabwerenso. Sanamupatse kalata, sanamuuze chifukwa, ndipo palibe amene wamufunsa mbali yake pa thumba la khofi lomwe akuti lasowa. Mwezi woyamba utha akudikira kuti mwina abwana aganizanso bwino. Mwezi wachiwiri akuyenda kwa anyakwawa, omwe ayitana mbali zonse koma abwanawo osabwera. Kenaka agulitsa nkhuku ziwiri, akwera galimoto kutsika chigwa mpaka pa boma, nalowa pakhoti la majisitireti atanyamula timapepala ta malipiro m'jumbo.

Kalaliki amumvetsera mpaka kumapeto, nanena kuti: "Adada, nkhani yanu yamveka, koma si ya khoti lino."

Bamboyu akabwerera kumudzi adzafotokoza kuti akhoti amukana, ndipo omumvera adzaganiza kuti mwina akhoti amuona ngati wabodza, mwina abwana anadutsako kale ndi kenakake m'manja. Nthawi zambiri sizikhala choncho. Khotilo silinafike n'komwe pa funso loti wolakwa ndani. Layamba ladzifunsa ngati lamulo linalipatsa mphamvu yomva nkhani ya mtundu umenewu, ndipo lapeza kuti silinalipatse. Zikatero majisitireti sangapitirire, ngakhale ataona ndi maso ake kuti munthuyo walakwiridwa.

Mphamvu ya khoti sichokera mu nzeru kapena chifundo cha woweruza. Imachokera m'malamulo olembedwa. Malamulo oyendetsera dziko lino a mu 1994, pa gawo 108, amapatsa Khoti Lalikulu mphamvu yopanda malire yomva mlandu uliwonse. Gawo 110 ndilo limakamba za makhoti a pansi pake, omwe ndi a majisitireti komanso khoti loona nkhani za ntchito, limene ambiri amangoliti IRC. Makhoti a pansiwa amamva zokhazo zimene lamulo lawapatsa.

Pa khoti la majisitireti, malire amene anthu ambiri amawadziwa ndi a ndalama. Gawo 39 la lamulo la makhoti limaika mlingo wa ndalama zimene majisitireti wa giredi iliyonse angaweruze, ndipo kwa zaka zambiri mlingo wa majisitireti wamkulu unaima pa K2 miliyoni, pamene a magiredi otsika anali ndi mlingo wocheperapo. Gawo lomwelo lilinso ndi mndandanda wa nkhani zimene majisitireti sakhudza kaya ndalama zake n'zochepa bwanji, monga umwini wa malo a liizi kapena funso loti woyenera udindo wakutiwakuti ndani. Anthu a ku Rumphi anaziona zimenezi pafupi. Themba la Mathemba Chikulamayembe Walter Gondwe atamwalira mu 2018, mkangano wa wolowa ufumu unakafika ku Khoti Lalikulu ku Mzuzu, ngakhale pa boma pomwepo pali khoti.

Tsono mlonda wathu angadabwe, chifukwa ndalama zake n'zochepa. Lamulo la zantchito la mu 2000 limati munthu wochotsedwa mopanda chilungamo atagwira ntchito zaka zoposa 5 koma zosapitirira 10 alandire chipepeso chosachepera malipiro a milungu iwiri pa chaka chilichonse. Milungu iwiri kwa iye ndi pafupifupi K50,000, ndiye pa zaka 7 chipepeso chotsikitsitsa chikufika cha m'ma K350,000, osawerengera ndalama ya notisi ndi zina zomwe angayenere. Imeneyi ndi ndalama yomwe majisitireti amaweruza tsiku ndi tsiku pa milandu ya ngongole. Mlandu wake ulinso ndi mphamvu, pakuti gawo 57 limaletsa kuchotsa munthu popanda chifukwa chomveka ndiponso popanda kumupatsa mpata wodziteteza, ndipo gawo 61 limati wolemba ntchito ndiye asonyeze chifukwa chimene anamuchotsera.

Chomulepheretsa ndi liwu limodzi. Lamulo la zantchitoli likamati "khoti" limatanthauza IRC, ndipo mphamvu yolamula chipepeso kapena yobwezera munthu pa ntchito inaperekedwa kwa khoti limenelo. Majisitireti wa pa Rumphi angaweruze mlondayo ngati akumuimba mlandu wakuba thumba la khofi lija. Angamvenso dandaulo lake ngati anabwereketsa kapitawo K350,000 yomweyo ndipo sakubweza. Koma funso loti anachotsedwa ntchito mwachilungamo kapena ayi lili ndi khomo lake.

Njira yake imayambira ku ofesi ya leba ya m'boma. Gawo 62 limapatsa wochotsedwa miyezi itatu, kuchokera tsiku lomwe anachotsedwa, kuti akadandaule kumeneko. Mkulu wa leba amaitana mbali zonse n'kuyesa kuziyanjanitsa, ndipo nkhani zambiri zimathera pamenepo, abwana atawerengeredwa zoyenera kulipira. Akalephera kuithetsa pasanathe mwezi umodzi, nkhaniyo ingapite ku IRC, ndipo kwa munthu wa ku Rumphi zikutanthauza ulendo wa ku Mzuzu. Wosakhutira ndi chigamulo cha IRC amakachita apilo ku Khoti Lalikulu pasanathe masiku 30, koma pa mfundo za malamulo kapena za mphamvu ya khoti zokha.

Apa mpomwe pamandiwawa. Kwathu timati mlandu suola, ndipo pabwalo la mfumu n'zoonadi, nkhani ya malire a munda imadzuka agogo ake atamwalira kale. Koma m'malamulo olembedwa mlandu umaola. Mlonda uja wataya kale miyezi iwiri podikira ndi poyenda kwa anyakwawa, zomwe munthu aliyense waulemu akanachita. Akabwerera ku Nchenachena atakhumudwa n'kukhala mwezi wina akusaka ya thiransipoti, miyezi itatu ikwana, ndipo wapatsa abwana ake chonena choyamba asanayankhe n'komwe za thumba la khofi. Milandu ina ilinso ndi nthawi yake, zaka 6 pa ngongole ndi mapangano, zaka 3 pa kuvulazidwa.

Wina angafunse kuti, ngati Khoti Lalikulu lili ndi mphamvu yopanda malire, bwanji osangolunjika kumeneko? Funso limeneli linayankhidwa kalekale pa mlandu wa Mungomo, wa ukwati wa pachikhalidwe umene unalowa ku Khoti Lalikulu mu 1996. Jaji Leonard Unyolo, amene pambuyo pake anadzakhala mkulu wa majaji, anavomera kuti gawo 108 limapatsa khotilo mphamvu yomva ngakhale nkhani zotere. Koma ananena kuti si bwino Khoti Lalikulu kumangotenga milandu ya makhoti a pansi chabe chifukwa mphamvu lili nayo, pakuti zikatero anthu azidzasankha khoti mmene afunira, chisokonezo chidzalowa, ndipo khoti lalikululo lidzadzaza ndi nkhani zomwe zikanatha kumunsi. Pa nkhani za ntchito, Jaji Frank Kapanda anatsata ganizo lomweli pa mlandu wa Kamphoni ndi kampani ya Malawi Telecommunications, ponena kuti madandaulo a apantchito aziyambira ku IRC.

Choncho kukana kuli pawiri. Majisitireti amakana chifukwa mphamvu alibe. Khoti Lalikulu limatha kukana ngakhale mphamvu lili nayo, poona kuti pali khoti lina lomwe linakhazikitsidwira ntchito imeneyo. Ndipo m'kati mwa Khoti Lalikulu momwemo muli zipinda, chifukwa kusintha kwa lamulo kwa mu 2016 kunaligawa m'nthambi zisanu: ya milandu ya pakati pa anthu, ya zamalonda, ya milandu yaupandu, ya zabanja ndi chuma chamasiye, ndi ya misonkho. Mu 2022 panawonjezeka nthambi ya milandu yokhudza katangale ndi kuba ndalama.

Ine ndimaona kuti majisitireti amene wakana mlandu wa mlonda uja wamuchitira zabwino, ngakhale tsiku limenelo sizioneka choncho. Tiyerekeze kuti wamumvera chisoni n'kuumva mlanduwo. Mboni zabwera kuchokera ku Nchenachena katatu, aliyense akudzilipirira galimoto, ndipo chigamulo chatuluka choti abwana alipire. Loya wa abwanawo safunika kutsutsa umboni uliwonse. Amangopita ku Khoti Lalikulu n'kunena kuti majisitireti analibe mphamvu, basi chigamulo chonse chagwa. Khoti la apilo, lomwe ndi lalikulu kuposa onse m'dziko muno, linanenetsa mfundo imeneyi pa mlandu wa Mbale ndi Maganga, pamene Jaji Maxon Mbendera anafotokoza kuti zimene khoti lachita lilibe mphamvu zimakhala ngati sizinachitike, ndipo palibe chopulumutsapo. Ngakhale mbali zonse zitagwirizana kuti tiweruzeni pompano, mgwirizano wawo supatsa khoti mphamvu imene lamulo silinapereke. Nkhani ya mphamvuyi ingadzutsidwe nthawi iliyonse, ngakhale pa apilo, ndipo woweruza angaidzutse yekha popanda womupempha.

Chimene sindigwirizana nacho ndi mmene mtolo wa dongosololi umagwera munthu wakumudzi. Makhoti a miyambo a nthawi ya chipani chimodzi anatha mu 1994. Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo la makhoti a m'madera mu 2011, koma makhotiwo sanayambe kugwira ntchito. Kampani ili ndi loya amene amadziwa makomo onsewa pamtima, pamene mlonda amawadziwa pogogoda khomo lolakwika, ndipo kugogoda kulikonse kumamudyera nkhuku. Kalaliki amene angonena kuti "si ya khoti lino" wanena zoona, koma sanamalize ntchito. Kulemba pa kapepala dzina la ofesi yoyenera ndi tsiku lomwe nthawi ithere sikutenga mphindi ziwiri.

Amene wabwezedwa pakhoti ayenera kufunsitsa asanatuluke pakhomo ngati mlanduwo wathetsedwa atamva umboni, kapena wabwezedwa chifukwa khotilo lilibe mphamvu. Kusiyana kwake n'kwakukulu. Mlandu umene waweruzidwa mpaka kumapeto sungakayambidwenso kwina, njira yake ndi apilo yokha. Koma wobwezedwa chifukwa cha mphamvu ukadali wamoyo, ndipo ungakalowe ku khoti loyenera malinga nthawi yake isanathe. Ngati majisitireti walemba chigamulo chokana, ndi bwino kutenga kope lake, chifukwa limasonyeza kuti munthuyo sanangokhala chete.

Kwa mlonda wa ku Nchenachena, ofesi ya leba ili pa boma pomwepo pamene pali khoti limene lamubweza. Akauzidwa bwino, angalowemo tsiku lomwelo ndi timapepala take ta m'jumbo, dandaulo lake n'kulembedwa m'kaundula kudakali milungu inayi kuti miyezi itatu ikwane.