Mjigo usanakumbidwe, jambulani mizere iwiri

Mjigo ukhoza kukumbidwa bwinobwino, madzi n'kutuluka oyera, koma amayi n'kumakatungabe kudambo. Kawirikawiri vuto silikhala pampu. Amene anayenera kufunsidwa za malo amangouzidwa zonse zitatha.

Oyendetsa ntchito za chitukuko ali ndi njira yopewera zimenezi. Amalemba onse amene ntchitoyo ikuwakhudza, kenako amajambula mizere iwiri yopingasana kuti pepala ligawike m'zigawo zinayi. Kuchokera pansi kupita m'mwamba amayeza mphamvu: kodi munthuyu angathe kuimitsa ntchito kapena kuitsegulira njira? Kuchokera kumanzere kupita kumanja amayeza chidwi: kodi ntchitoyo ikumukhudza motani? Njirayi ambiri amaitchula ndi dzina la Aubrey Mendelow, amene analemba za mphamvu za anthu okhudzidwa mu 1981. Colin Eden ndi Fran Ackermann anaifotokozanso m'buku lawo la Making Strategy la 1998.

Pa nkhani ya mjigo, a mfumu ndi ofesi yoona za madzi ya paboma amagwera m'mwamba kumanja, poti ali ndi mphamvu komanso chidwi. Awa sawatumizira kalata chabe. Amakhala nawo pansi maso ndi maso, ndipo chiganizo chilichonse chachikulu amamangira limodzi. Phungu, amene dera lake lili ndi midzi yambirimbiri, amakhala m'mwamba kumanzere: lipoti lalifupi ndi kumuitana potsegulira n'zokwanira, bola asamve nkhaniyo kwa ena. A m'mudzi woyandikana amene ali kale ndi mjigo wawo amakhala pansi kumanzere, ndipo chilengezo cha kutchalitchi kapena kumzikiti chimawakwanira.

Chigawo chofunika kuchisamala kwambiri ndi cha pansi kumanja, cha achidwi chachikulu koma opanda mphamvu. Muli amayi ndi atsikana amene amasenza ndowa m'mamawa uliwonse. Mabuku ambiri amati oterewa azingodziwitsidwa, koma zimenezo n'zoperewera. Iwo ndi amene amadziwa kuti njira yopita pamalo osankhidwawo imadutsa kumanda, kapena kuti pamadzaza matope nthawi ya dzinja. Pabwalo la mfumu ambiri sayankhula, choncho pamafunika msonkhano wawo paokha, pa nthawi imene aweruka kumunda, ndipo zimene anena zikafike pamene pakumangidwa mfundo.

Pepalali silijambulidwa kamodzi n'kulisunga m'kabati, chifukwa anthu amasuntha. Chisankho chikayandikira, chidwi cha phungu chimakwera mwadzidzidzi. Mwini munda amene anali chete amasanduka wamphamvu tsiku limene galimoto yokumba yaima pa mizere yake. Amayi nawo akagwirizana zosiya kusonkha ndalama zokonzetsera pampu, mjigo umaima pakangotha kalabala kamodzi. Chizindikiro chimaoneka msanga: pamsonkhano pamabwera anthu ochepa, ndipo m'kaundula wa msungichuma wa komiti ya mjigo mayina a osonkha amayamba kuchepa mwezi ndi mwezi.