Kalata yosiyana pantchito mwamtendere: zimene simunalembe musaziyembekeze

Bwana ndi wantchito akagwirizana kuti asiyane popanda kuchotsana, ambiri amangothamangira kusaina. Koma lamulo la za ntchito la 2000, monga linakonzedwera mu 2010, limapereka ndalama yolipira zaka zimene munthu wagwira makamaka kwa amene wachotsedwa pochepetsa antchito kapena mopanda chilungamo. Wochoka mogwirizana asadalire kuti ndalamayi ibwera yokha. Ilembedwe m'kalatamo.

Tiyerekeze kalaliki amene wagwira zaka 7, ndipo malipiro ake pa sabata amakwana K100,000. Akagwirizana kutsata kawerengedwe ka lamulo, zaka zisanu zoyambirira amalandira masabata awiri pa chaka, omwe ndi masabata 10. Zaka ziwiri zotsalazo amalandira masabata atatu pa chaka, kuwonjezera masabata 6. Onse pamodzi ndi masabata 16, kapena kuti K1,600,000. Ndalamayi ikhale pamzere wakewake, osaiphatikiza ndi malipiro a mwezi womaliza, a notisi, kapena a masiku a tchuthi amene sanapume. Akangolemba chiwerengero chimodzi chonenepa n'kuti "zonse zili momwemo", kalalikiyo sangadziwe kuti wapatsidwa chiyani chapadera, poti zina mwa ndalamazo zinali zake kale.

Kalata inenenso ngati chiwerengerocho n'chochotsa kale msonkho wa MRA kapena ayi, tsiku lenileni lolipira, ndi akaunti yolandirira. Mawu akuti "posachedwa" si tsiku. Ngati pali ngongole ya kuntchito, aitchule ndi kuchuluka kwake, isadzatulukire pa tsiku lolandira.

Ndime ya chinsinsi kawirikawiri amailemba ndi abwana, ndipo imamanga wantchito yekha. Iyenera kumanga onse awiri, ndi kunena chimene chikubisidwa: kaya ndi ndalama zimene agwirizana, kaya ndi nkhani za makasitomala. Isiyenso mpata woti munthu auze loya wake, mkazi kapena mwamuna wake, a msonkho, ndiponso khoti likafunsa. Kunena zoona, ndime yoletsa kuuza "munthu wina aliyense" imaswedwa madzulo omwewo pa mphasa ya kunyumba.

Chimene ambiri amaiwala ndi mawu oti adzanenedwe za kuchokako. Agwirizane chiganizo chimodzi, monga: "Mayi Uje asiya ntchito pa 30 Juni mogwirizana ndi kampani, atagwira zaka 7 ngati kalaliki." Chomwecho chiuzidwe kwa anzake apantchito, ndipo chomwecho chiyankhidwe kampani ina ikaimba foni kufunsa za iye. Kalata ya umboni wa ntchito ilembedweretu ndi kumatidwa kumbuyo kwa mgwirizanowo, chifukwa bwana amene walonjeza pakamwa akhoza kusamuka chaka chamawa.

Kumapeto kumakhala mawu oti wantchito sadzakasumanso pa nkhaniyi, ndipo ndi amene abwana akugula ndi ndalama ija. N'chifukwa chake wantchito apemphe masiku angapo, apite nayo kalatayo kwa loya, ku bungwe la apantchito kapena ku ofesi ya leba. Wosainitsidwa mokakamiza akhoza kukadandaulabe kukhoti la milandu ya pantchito, ngakhale kuti kutsimikizira kukakamizidwako sikophweka siginecha yake ili pamenepo.