Zala ziwiri zosaka kachidutswa kakafupi

Pa LeetCode, pomwe olemba mapulogalamu a kompyuta amayesa luso lawo, funso nambala 76 limafuna kuti mu mndandanda wa zilembo mupezeke kachidutswa kakafupi kwambiri, ka zilembo zotsatizana, kokhala ndi zilembo zonse zofunidwa. Mwachitsanzo, m'mawu oti `NKHALAMBA` mukufunika `A` awiri ndi `B` mmodzi.

Zilembo 9 zimenezi zingadulidwe m'zidutswa 45, ndipo munthu angathe kuziyesa chimodzichimodzi. Koma zilembo zikakwana 100,000, zidutswazo zimapitirira 5 biliyoni. Apa m'pamene pamafunika nzeru ya zala ziwiri.

Chala chakumanzere chimaloza poyambira kachidutswa, chakumanja pothera pake. Pambali pamakhala matebulo awiri: loyamba limasunga zofunidwa, `A` 2 ndi `B` 1, pomwe lachiwiri limawerenga zilembo zimene zili pakati pa zalazo panthawiyo.

Chala chakumanja ndicho chimayamba ulendo. Chimadutsa `N`, `K` ndi `H`, n'kutola `A` woyamba, kenako wachiwiri, mpaka kufika pa `B`. Tsopano zofunidwa zakwana mu `NKHALAMB`, choncho chimaima, chakumanzere n'kuyamba kutaya zosafunika. `N`, `K` ndi `H` akachoka pamatsala `ALAMB`, zilembo 5, ndipo pulogalamu imasunga kachidutswa kameneka. Chalacho chikataya `A`, tebulo limaonetsa kuti watsala `A` mmodzi yekha, ndiye zofunidwa zaperewera. Chakumanja chimasunthanso n'kutola `A` womaliza, kukhala `LAMBA`. `L` akatayidwa pamatsala `AMBA`, zilembo 4, ndipo yankho ndi limeneli.

Palibe chala chimene chimabwerera m'mbuyo. Chilembo chilichonse chimalowa kamodzi n'kutuluka kamodzi, motero pa zilembo 100,000 zala zonse ziwiri sizisuntha koposa ka 200,000.

Ambiri amaphonya pa kawerengedwe. Amene wangoona kuti chilembo chilipo, osawerenga kuti chilipo kangati, amayankha `BA`, pomwe mukusowa `A` wachiwiri. Vuto lina limabwera pa nambala yosunga mitundu ya zilembo imene yakwana, yomwe imathandiza kuti pulogalamu isamafananize matebulo onse nthawi iliyonse chala chikasuntha. Nambalayi iyenera kukwera pokhapokha chiwerengero cha chilembo chikafanana ndendende ndi chofunidwa, ndi kutsika chikaperewera. Ikamakweranso pa `A` wachitatu wongoonjezera, pulogalamu imayesa kuti zonse zakwana pomwe `B` sanapezeke. Yankho lopanda chimodzi mwa zilembo zofunidwa ndicho chizindikiro cha vuto limeneli.

N'chifukwa chake wolemba pulogalamuyi ayenera kuiyesa ndi zilembo zobwereza, ndi `a` wamng'ono pambali pa `A` wamkulu popeza kompyuta imawasiyanitsa, komanso ndi mawu osowa chilembo china chofunidwa. Pamenepo yankho lolondola ndi kachidutswa kopanda chilembo, `""`.