Pa intavyu ya zamagetsi, amayang'ana manja

Kampani ikaitana amisiri a zamagetsi ku intavyu, za mapepala sizitenga nthawi. Ofunsa amaona setifiketi ya TEVETA kapena ya Trade Test, mwina ndi chiphaso cha MERA chololeza munthu kulumikiza magetsi m'nyumba, kenako amati, "Tiyeni ku wekishopu." Kumeneko kumakhala thabwa lokhomedwa pakhoma, lokhala ndi bokosi la mabureka, swichi, soketi ndi babu. Woyesa amanena mwachidule kuti, "Babu ili silikuyaka. Pezani vuto, mukonze."

Ambiri amagwera pomwepa, asanamasule n'komwe sikulu imodzi. Munthu amadina swichi, kuona kuti babu lazimadi, basi watenga sikuludiraiva n'kuyamba kutsegula. Woyesa sayankhula, amangolemba.

Chimene iye akudikira ndi ichi. Mmisiri apite kaye pabokosi, apeze bureka ya mzere umenewo, ayigwetse. Ayiike loko, kiyi aponye m'thumba mwake, apachikepo chikwangwani choletsa wina kuyatsa. Kenako atenge choyezera magetsi cha nsonga ziwiri, achiyese pamalo pamene akudziwa kuti pali moto, kuti atsimikize kuti chikugwira ntchito. Akatero ayeze pamene akufuna kugwirapo katatu: layivu ndi nyutulo, layivu ndi efi, nyutulo ndi efi. Pomaliza abwererenso pamalo a moto paja kukayesanso choyezeracho, chifukwa chikhoza kufera m'manja n'kumaonetsa kuti palibe moto pomwe ulipo. Katesita kokhala ngati sikuludiraiva, kamene kamayaka kumchira, amisiri ambiri amakakonda, koma oyesa okhwima sakakhulupirira. Kuwala kwake sikuoneka bwino padzuwa, ndipo nthawi zina kamayaka pa waya wongoyandikana ndi wamoto.

Chifukwa chake cha zonsezi chimabisika m'thabwa lomwelo. Nthawi zina oyesa amalumikiza dala swichi pa waya wa nyutulo m'malo mwa layivu. Swichi yotere imazimitsa babu bwinobwino, koma moto wa mavoloti 230 umakhala wafika kale pachogwirira babu, ukungodikira chala. Mmisiri watcheru amazindikira msangamsanga: bureka isanagwetsedwe, swichi ili yozimitsa, amayeza pachogwirira babu ndi efi n'kupeza kuti moto ulipo. Kukonza kwake n'kosavuta, kungosamutsa mawaya kuti swichi idule layivu. Kumeneko n'kumene amafunsidwanso za mitundu ya mawaya, poti m'nyumba zathu muli yonse iwiri. Yakale, layivu ndi wofiira ndipo nyutulo ndi wakuda. Yatsopano, layivu ndi wa bulawuni, nyutulo wa buluu, efi wobiriwira wa mizere yachikasu. Komabe mtundu si umboni. Amene analumikiza poyamba akhoza kukhala kuti anangotola waya amene anali naye pafupi.

Mafunso a chitetezo amabwera munthu ali mkati mogwira ntchito. Limodzi limene limakola anthu kuno kwathu n'lakuti, "Magetsi a ESCOM azima dera lonse. Mungayambe ntchito osagwetsa bureka?" Yankho ndi ayi, ndipo woyesa amafuna kumva zifukwa ziwiri. Magetsi amabwera osagogoda. Chachiwiri, nyumba ndi maofesi ambiri masiku ano ali ndi jenereta kapena inveta ya sola, imene ikhoza kumatumiza moto m'mawaya omwewo.

Lina n'lakuti, "Bureka ikugwa pafupipafupi, mwini nyumba akuti muikepo yaikulu. Mutani?" Wovomera wapita. Bureka imateteza waya, ndiye kukula kwake kumatsata kukula kwa waya. Waya wa 1.5, umene umapita ku mababu, ukauikira bureka ya maampu 32, umatentha mpaka kusungunula pulasitiki yake bureka isanagwe, ndipo denga limayaka chotero. Choyenera n'kufufuza chimene chikuigwetsa: kaya ndi katundu wochuluka pamzere umodzi, kaya mawaya akukhudzana penapake. Ine ndimaona kuti funsoli limayesa mtima kuposa nzeru, chifukwa masamu ake aliyense anaphunzira, koma kukanira bwana amene akulipira n'kumene kumavuta.

Za ngozi amafunsa mwachangu. Mnzako akagwidwa ndi magetsi usamugwire ndi manja. Thamangira kuzimitsa, ndipo ngati swichi ili kutali, mukankhe ndi thabwa louma. Moto wa magetsi suthiridwa madzi, umafuna chozimitsira cha ufa kapena cha mpweya wa CO2.

Ntchito ikatha, woyesa amakoka waya uliwonse pamene wamangidwa. Waya wosamangitsa umatentha pang'onopang'ono n'kudetsa soketi. Amayang'ananso ngati kopa akuonekera kunja kwa chomangira, ngati efi wafika pa soketi, ndiponso ngati mmisiri anayeza ntchito yake ndi mita asanakweze bureka. Ena amafika pofunsa kuti kiyi wa loko uja anali kuti nthawi yonseyi, ndipo akamupeza ali pathebulo amachotsa malikisi.