Anyezi saopa kutentha, amaopa chinyontho

Mwezi wa Okutobala anyezi amakhala mbwee m'misika ya m'mbali mwa msewu wa M1, monga pa Lizulu ndi pa Bembeke, ndipo mtengo umatsika. Apaulendo ambiri amagula thumba lonse kuti awafikitse mu Febuluwale, pamene kamulu ka anyezi atatu kamakhala kakwera mtengo. Koma pofika Khirisimasi anyezi wina amakhala ataphuka, wina atafewa n'kuyamba kununkha, ndipo mwini nyumba amaloza chala denga la malata kuti ndilo latenthetsa.

Denga lija nthawi zambiri limangonamiziridwa. Anyezi ndi adyo akakhwima amagona tulo, ndipo chimene chimawadzutsa si kutentha kwambiri ayi, koma kafunyefunye, nyengo yosatentha yosazizira. Anyezi amaphuka msanga pa madigiri 10 mpaka 20, adyo pa madigiri 5 mpaka 18. Kutentha kukapitirira madigiri 25, tulo tija timapitirira. Choncho nyumba ya ku Salima kapena ku Chikwawa siphukitsa anyezi msanga ngati nyumba ya ku Dedza mu Juni. Vuto la nyumba yotentha ndi lina. Kutentha kukakumana ndi chinyontho cha dzinja, nkhungu ndi tizilombo towoletsa zimaswana mwamsanga, mizu nayo imayamba kutuluka pansi. Ntchito yonse yosunga anyezi m'nyumba yotere ndi kuonetsetsa kuti ali pouma ndiponso podutsa mphepo.

Tiyerekeze banja la ku Lilongwe limene lagula makilogalamu 10 mu Okutobala. Ntchito imayambira pamsika pomwepo. Gwirani khosi la anyezi, pamene panali masamba, ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala. Khosi labwino ndi lopyapyala, louma, lolira tswatswa ngati pepala. Khosi lonenepa, lofewa kapena lobiriwira mkati ndi khomo lotsegula lomwe matenda amalowera, ndipo anyezi wotere sasungika ngakhale mutamusamala bwanji. Kawirikawiri amakhala kuti mlimi anathira feteleza wa yureya mochedwa, anathirira mpaka tsiku lokolola, kapena anazula masamba asanagwe chifukwa chothamangira msika. Anyezi wofiira, wamkulu pang'ono, wolimba, woliza misozi, monga wa mtundu wa Red Creole, amakhalitsa kuposa uja wamkulu wamadzimadzi wotsekemera wa mtundu wa Texas Grano. Wamkuluyo amakopa maso, koma ndi wodya sabata zomwezo.

Mukafika kunyumba, khuthulani thumba tsiku lomwelo. Patulani aliyense wotemeka ndi khasu, wophwanyika, wosupuka makoko kapena wa khosi lonenepa, ameneyo apite ku ndiwo poyamba. Wotsalayo muyanike pa mphasa kapena pathandala, pamthunzi podutsa mphepo monga pakhonde, osasanjikiza, kwa sabata ziwiri kapena zitatu, mukumutembenuza pakapita masiku angapo. Musamuyanike padzuwa la Okutobala ngati chimanga. Dzuwa lotere limawaula mbali imene yayang'ana kumwamba, ndipo malo owaukawo amafewa n'kuyamba kuwola. Musamutsukenso, ngakhale ali ndi dothi. Dothi louma limachoka ndi dzanja. Wauma mokwanira pamene khosi latsekeka ndithu ndipo makoko akulira mukamuyendetsa dzanja. Ngati ali ndi masamba, mutha kuwaluka nkhata n'kupachika, kapena kuwadula n'kusiya kakhosi ka masentimita 3 mpaka 5. Kudula mofupikitsa kwambiri ndi kutsegulanso khomo lija. Makoko ouma akunja musawasende pofuna kuti aoneke bwino, chifukwa ndiwo amatchinga kuti madzi a mkati asathawe ndiponso kuti matenda asalowe.

Tsopano posungira. Thumba la pulasitiki la jumbo, ndowa yavindikiro ndi thumba la feteleza lomanga pakamwa ndizo zimapha anyezi wambiri m'matauni. Anyezi ndi wamoyo, amapuma, ndipo mpweya wake wachinyontho ukasowa kotulukira umasanduka thukuta pamakoko. Gawani makilogalamu 10 aja m'matumba aukonde atatu kapena anayi, kapena m'madengu ansungwi olukidwa motakasuka, osadzaza kupitirira mizere iwiri kapena itatu. Kugawako kumathandiza kuti thumba limodzi likagwidwa, enawo apulumuke. Pachikani pakhoma lamkati, pafupi ndi zenera kapena kabowo ka mphepo, koma posafika dzuwa kapena mvula yowomba. Pansi pa simenti pamachita chinyontho m'dzinja, ndipo pafupi kwambiri ndi malata pamatentha mopitirira masana, usiku n'kudontha mame. Pakati pa khoma ndiye pabwino. Kukhitchini, pamwamba pa mphika umene ukufuka nthunzi ya nyemba tsiku lonse, sipoyenera, ngakhale kuti m'pamene dzanja limafikira msanga. Mbatata ya kachewere nayo ikhale kwina, chifukwa imafuna malo ozizira achinyontho ndipo imatulutsa chinyontho chochuluka.

Mvula ikayamba, sabata iliyonse tsitsani matumba n'kugwira anyezi mmodzimmodzi, mukudina pang'ono m'mbali mwa khosi. Pakabonyoka, kuwola kwayambira mkati ngakhale kunja kukuoneka bwino. Fungo lowawasa ndi timadzi totuluka pakhosi ndi chizindikiro cha kuwola kofewa, kumene kumafalikira msanga kwa anzake. Wotere mutayeni kutali, ndipo oyandikana nawo muwayanikenso. Fumbi lakuda ngati mwaye pansi pa khoko loyamba ndi nkhungu yokonda malo otentha achinyontho. Ikakhala pamwamba pokha ndipo mkati muli molimba, sendani, tsukani, phikani lero lomwe, koma dziwani kuti pamalopo mphepo ikuchepa. Timizu toyera tikatuluka pansi, ndiye kuti chinyontho chachuluka ndipo kuphuka kuli pafupi. Anyezi wophuka si poizoni, amadyedwa ndithu pamodzi ndi nsonga zake zobiriwira, kungoti amapepuka n'kuchepa kukoma, choncho adyedwe msanga.

Adyo amafuna zomwezi, koma ali ndi khalidwe lake. Musungeni ali mutu wathunthu, chifukwa kagawo kamodzi mukakathyola kamangokhala sabata imodzi kapena ziwiri kasanafote. Amafunanso kuumitsidwa motalikirapo, sabata zitatu kapena zinayi. M'nyumba yotentha adyo saphuka kawirikawiri, amafota. Mukafinya mutu n'kumva kuti mkati muli mphako, madzi atha ndipo nthawi yake yakwana. Furiji ndi msampha: adyo akakhalamo n'kutulutsidwa amaona ngati chisanu chatha, ndipo amaphuka m'masiku ochepa. N'chifukwa chake adyo woyera wochokera kunja, amene nthawi zambiri amakhala atasungidwa mozizira paulendo, sachedwa kutulutsa nsonga akafika pakhomo. Wa m'dimba la kwathu kuno, wa timagawo ting'onoting'ono tovuta kusenda, ndiye woyenera kugula wambiri. Chinthu chimodzi choopsa ndi kusenda adyo, kumumiza m'botolo la mafuta ophikira n'kuliika pashelefu. M'mafuta mulibe mpweya, ndipo pamalo otentha mungathe kuswana kachilombo kotulutsa poizoni wakupha amene samveka fungo. Adyo wa m'mafuta akhale m'furiji ndipo athe m'masiku anayi.

Ngakhale mutachita zonsezi, makilogalamu 10 aja sadzakhala 10 mpaka kumapeto. Anyezi amapepuka mwezi ndi mwezi, ndipo wina adzatayika ndithu. Wofiira wouma bwino angathe kukufikitsani miyezi itatu kapena inayi m'nyumba yotentha. Ngati mu Januwale mwaona kuti ambiri ayamba kutulutsa mizu, musadikire. Dulani opulumukawo mopyapyala, yanikani pa lichero loyera tsiku la ng'amba mpaka azithyoka, ndipo muwatsekere m'botolo louma.